Musanagule monita yatsopano, yesani kaye zomwe khadi lanu la girafiki lingakwanitse

Manambala amene amalembedwa pa katoni ya monita, kaya ndi 165Hz kaya 240Hz kaya 4K, amangonena zimene monitayo ingathe kuonetsa ikapatsidwa, sanena kuti kompyuta yanu iziipatsa zimenezo. Amene amajambula chithunzi chilichonse ndi khadi la girafiki, monita imangolandira basi. Nde anthu ambiri amagula monita poyang'ana nambala yaikulu, kufika nayo nkulumikiza, gemu yomwe inkayenda bwinobwino nkuyamba kudukizadukiza, kenako nkumati monita ndi yoipa pomwe vuto ndi loti khadi lasenzetsedwa katundu woposa mphamvu zake. Chabwino chake nchoti mungathe kudziwiratu zonsezi musanatulutse ndalama, pogwiritsa ntchito monita yakale yomwe muli nayo panopa. Ndikuonetsani mmene mungachitire, ndipo titenga khadi limodzi nkuyenda nalo mpaka kumapeto.

Poyamba mvetsani kulemera kwa katunduyo

Rezolushoni ndi kuchuluka kwa timadontho, mapikiselo, tomwe timapanga chithunzi. 1080p ndi 1920x1080, mukachulukitsa mupeza mapikiselo 2,073,600. 1440p ndi 2560x1440, amenewo ndi 3,686,400. 4K ndi 3840x2160, mapikiselo 8,294,400. Apa pali msampha, chifukwa munthu ukamva 1080 ndi 1440 umaona ngati kusiyana kwake nkochepa, koma 1440p ili ndi mapikiselo ochuluka ka 1.78 kuposa 1080p, pafupifupi kawiri, ndipo 4K ndi kanayi ndendende. Zija zotambalala za 3440x1440 zili pakati, mapikiselo 4,953,600, musamaziwerengere ngati 1440p wamba ayi.

Ma Hz ndi nambala ya maulendo amene monita imasintha chithunzi pa sekondi imodzi, pomwe FPS ndi mafulemu amene khadi likumaliza kujambula pa sekondi yomweyo. Ziwirizi nzosiyana ndipo aliyense amayenda yekha. Njira imene ine ndimaona kuti imathandiza kwambiri ndi kuganiza za nthawi imene khadi lapatsidwa pa fulemu imodzi:

```
1000 / 60  = 16.7 ms
1000 / 144 = 6.9 ms
1000 / 240 = 4.2 ms
```

Kuti mudzaze monita ya 60Hz khadi lili ndi mamilisekondi 16.7 kumaliza fulemu iliyonse, pa 144Hz latsala ndi 6.9 okha. Tsono taganizani munthu amene akuchoka pa 1080p 60Hz kupita pa 1440p 144Hz kamodzinkamodzi, mapikiselo achuluka ka 1.78, nthawi yachepa ka 2.4, kutanthauza kuti akupempha khadi lomwelija kuti lizitulutsa mapikiselo oposa kanayi pa sekondi. Khadi silinasinthe, lili momwe linalili dzulo.

Onaninso kuti kuchoka pa 60 kupita pa 144 mwadula mamilisekondi pafupifupi 10 pa fulemu iliyonse, nchifukwa chake aliyense amaona kusiyanako olo pongoyendetsa mausi. Koma kuchoka pa 144 kupita pa 240 mwadula osakwana 3, pomwe khadi ndi purosesa zikufunika kugwira ntchito yochuluka kwambiri. Sindikunena kuti 240Hz ndi yachabe, kwa osewera magemu owomberana a mpikisano imathandiza ndithu, koma phindu lalikulu lili pa sitepe yoyamba ija.

Dziwani khadi lanu ndi magemu anu

Dinani `Ctrl+Shift+Esc`, pitani pa Performance kenako GPU, muona dzina la khadi ndi memore yake pomwe alemba Dedicated GPU memory. Lembani dzina lonse, chifukwa GTX 1660, GTX 1660 Super ndi GTX 1660 Ti si chinthu chimodzi, komanso khadi la mu laputopu nthawi zambiri limakhala lofooka kuposa la pa desikitopu olo dzina likhale lofanana. Kenako sankhani magemu awiri kapena atatu omwe mumaseweradi sabata ndi sabata, osati omwe mumalota kudzasewera. Pakhale imodzi yolemera kwambiri pa onse amene mumakonda, ndi imodzi yomwe mumathera nthawi yambiri.

Chitsanzo chathu chikhala GTX 1660 Super, khadi la Nvidia lomwe linatuluka mu 2019, memore yake 6GB, ndipo anthu ambiri akadali nalo. Tinene kuti mwini wake ali ndi monita yakale ya 1080p 60Hz, ndipo akuganiza zitatu, ya mainchesi 24 ya 1080p 165Hz, ya mainchesi 27 ya 1440p 165Hz, kapena ya 4K 60Hz. Amasewera gemu imodzi yopepuka yowomberana ngati Valorant, ndi ina yolemera ija yoyendayenda mdziko lalikulu lodzaza mitengo, nyumba ndi anthu.

Yezani pa monita yomwe muli nayo

Ikani MSI Afterburner, ndi yaulere ndipo imagwira pa khadi la kampani iliyonse, poika muvomereze kuti iikenso RivaTuner Statistics Server chifukwa ndi imene imalemba manambala pakona ya sikirini muli mu gemu. Mu Settings pitani pa Monitoring, chongani GPU usage, Memory usage, Framerate, Frametime, Framerate Avg ndi Framerate 1% Low, ndipo pa chilichonse muchongenso Show in On-Screen Display, pa Frametime, yomwe ndi nthawi ya fulemu iliyonse ija, musankhenso graph kuti muziona mzere wake. Framerate Avg ndi 1% Low sizionetsa kanthu mpaka mutaika batani loyambira kuwerenga pa tabu ya Benchmark nkulidina muli mu gemu, ambiri amakakamira pamenepa nkumaganiza kuti pulogalamu yawonongeka.

Mu gemu zimitsani V-Sync ndi chilichonse chomwe chikutsekera FPS, apo ayi muzingoona 60 nthawi zonse ndipo simudziwa kanthu. Monita yanu ya 60Hz sitha kuonetsa mafulemu 150, zoona, koma khadi lizijambulabe ndipo nambala iziwerengedwa bwinobwino. Chithunzi chizing'ambika pang'ono, musadandaule, nzakanthawi.

Sewerani mphindi 10 kapena 15 kuti khadi litenthe kaye, chifukwa khadi lozizira limathamanga kuposa mmene limachitira likatentha, makamaka mu laputopu. Ndipo pitani pamalo ovuta, pakati pa tauni ya mu gemumo, pomwe pali utsi, kuphulika, anthu ambiri, osati kuima mkachipinda kuyang'ana khoma nkumasangalala ndi 120. Pezani kanjira kamodzi komwe mungabwereze chimodzimodzi kwa miniti imodzi kapena ziwiri, chifukwa mudzafunika kufananitsa.

Nambala yoti muiyang'anitsitse si avereji yokha ayi. 1% Low imakuuzani mmene mafulemu ochedwetsetsa akuyendera, ndipo kudukiza komwe mumamva m'manja kumachokera kumeneko. Gemu ya avereji 90 koma 1% Low 35 imamveka moipa kuposa ya avereji 70 ndi 1% Low 58. Tiyerekeze kuti mnzathu wa 1660 Super uja wayeza pa High nkupeza kuti gemu yolemera ikupereka avereji 70 ndi 1% Low 52, yopepuka ikupereka 220 ndi 150. Manambalawa ndangowaika kuti tione kawerengedwe kake, anu adzakhala ena malinga ndi gemu ndi purosesa yanu, nchifukwa chake mukuyenera kuyeza nokha.

Ndani akuchedwetsa mnzake, khadi kapena purosesa

Sitepe iyi anthu amailumpha koma ndi imene imasintha yankho lonse. Fulemu iliyonse imayamba ndi purosesa, imawerengera komwe kuli adani, zipolopolo, mmene zinthu zikugwera, kenako nkupereka kwa khadi kuti lijambule. Ngati purosesa imatha kukonza mafulemu 90 okha pa sekondi, olo khadi likhale lamphamvu bwanji simudutsa 90.

Yang'anani GPU usage muli pamalo ovuta paja. Ikamakhala pa 95 mpaka 99 peresenti nde kuti khadi ndi limene lafika pamapeto, ndipo zili bwino choncho, ndi mmene ziyenera kukhalira. Ikamayandama pa 60 kapena 70 V-Sync ili yozima, khadi likudikira purosesa. Musanamizidwe ndi CPU usage yonse yomwe ikuonetsa 40 peresenti, chifukwa gemu ikhoza kudzaza kore imodzi kapena ziwiri zina zitangokhala, nde avereji imaoneka yotsika pomwe purosesa yatheratu. Kuti mutsimikize tsitsani rezolushoni mpaka 1280x720 nkubwereza kanjira kanu kaja. FPS ikakwera kwambiri, khadi ndi lomwe limachedwetsa. Ikangokhala pomwepo, mwapeza denga la purosesa yanu pa gemu imeneyo.

Denga limeneli likuuzani zinthu ziwiri. Choyamba, monita ya ma Hz opitirira dengalo simudzaidzaza pa gemu imeneyo olo mutsitse rezolushoni. Chachiwiri, ndipo ichi ndi chosangalatsa, ngati khadi likungokhala pa 65 peresenti nde kuti muli ndi malo okwezera rezolushoni osataya mafulemu ambiri, chifukwa purosesa sisamala za kuchuluka kwa mapikiselo, ntchito yake imakhala pafupifupi yomweyo pa 1080p ndi pa 1440p. Munthu wa khadi lamphamvu ndi purosesa yakale amapindula ndi rezolushoni yokwera, wa purosesa yabwino ndi khadi lapakati amapindula ndi ma Hz. Mwa njira, mukapeza denga lotsika modabwitsa onani kaye RAM, ndodo imodzi yokha m'malo mwa ziwiri, kapena XMP, setingi yolola RAM kuthamanga pa liwiro lake lonse, yosayatsa mu BIOS, zimabera purosesa mafulemu ambiri ndithu.

Yesani 1440p ndi 4K musanazigule

Apa ndi pomwe pagona nkhani. Makhadi a Nvidia ali ndi DSR, a AMD ali ndi Virtual Super Resolution, zonse zimalola khadi kujambula gemu pa rezolushoni yokwera kenako nkuchepetsa chithunzicho kuti chikwane pa monita yanu. Kutanthauza kuti khadi limasenza katundu wa 1440p kapena 4K weniweni inu muli pa 1080p yanu yakale. Pa Nvidia tsegulani NVIDIA Control Panel, Manage 3D settings, pezani DSR - Factors, chongani 1.78x ndi 4.00x. Pa monita ya 1080p yoyambayo ikupatsani 2560x1440, inayo 3840x2160. Pa AMD yatsani Virtual Super Resolution mu AMD Software pa gawo la Display. Mukatero tsegulaninso gemu, ikhale pa Fullscreen, muona marezolushoni atsopano pa mndandanda. Pa malaputopu ambiri DSR sipezeka chifukwa sikirini imadutsira pa girafiki ya mu purosesa, zikatero onani ngati gemu ili ndi Render Scale nkuika 133 peresenti, kungoti magemu ena amawerengera peresentiyo pa mapikiselo onse osati mbali iliyonse, nde kumeneko mufunika 178.

Bwerezani kanjira komweko ndi masetingi omwewo. Kumbukirani kuti mukuyeza kulemera kokha, kukongola kwa 1440p simukuona pa monita ya 1080p.

Tibwerere kwa mnzathu. Tiyerekeze pa 1440p gemu yolemera yatsika kufika avereji 46, 1% Low 35, pa 4K yafika cha m'ma 24. Muona kuti FPS sinagawidwe ndi 1.78 ndendende, 70 kugawa 1.78 ikanakhala 39, chifukwa si ntchito yonse ya khadi imene imakula ndi mapikiselo, zina monga mithunzi ndi mawumbidwe a zinthu zimakhala pafupifupi chimodzimodzi. Nchifukwa chake kuwerengera pa pepala kumangokupatsani chithunzithunzi, kuyeza ndi kumene kumanena zoona. Gemu yopepuka tinene yatsika pang'ono chabe, 220 kufika 180, poti kumeneko purosesa ndi imene imalamula.

Yang'ananinso Memory usage pamene mukuyesa. Rezolushoni ikakwera memore ya khadi imadyedwa yambiri, ndipo 6GB pa magemu atsopano olemera imadzadza msanga. Ikadzadza khadi limayamba kubwereka RAM ya kompyuta yomwe ili kutali komanso yochedwa, ndipo zizindikiro zake nzodziwika, avereji imaoneka yabwinobwino koma mukatembenuka msanga kapena kulowa dera latsopano gemu imaima kaye kamphindi, mzere wa Frametime nkubaya m'mwamba, nthawi zina makoma ndi zovala nkumaoneka zosalala ngati sizinamalize kulowa. Mankhwala ake ndi kutsitsa Texture Quality sitepe imodzi, kutsitsa mithunzi sikuthandiza kwenikweni pa vuto limeneli.

Tsopano sankhani, koma mvetsani za FreeSync kaye

Simukufunika kudzaza ma Hz onse a monita kuti mupindule nayo, bola ikhale ndi FreeSync kapena G-Sync. Monita yopanda zimenezi imasintha chithunzi pa nthawi yake yokhazikika, khadi lakonzeka kapena ayi. V-Sync ikazima chithunzi chimang'ambika pakati, ikayaka ndipo khadi lachedwa pang'ono pokha, fulemu yakale imaonetsedwanso, pa 60Hz nde kuti fulemu imodzi yakhala mamilisekondi 33.3 m'malo mwa 16.7, nkumamva kugwedera kuja. Monita ya FreeSync imadikira khadi, fulemu ikatha nayo imasintha pompo, nde 70 FPS imaoneka ngati monita ya 70Hz yoyenda mosalala. Nvidia inayamba kulola makhadi ake kugwira ndi mamonita a FreeSync mu Januwale 2019, kuyambira GTX 10 kupita mtsogolo, kudzera pa DisplayPort, nde 1660 Super ili momwemo.

Koma FreeSync ili ndi malire ake, ndipo muwafufuze musanagule. Mamonita ambiri amalemba ngati 48-144Hz kapena 48-165Hz. FPS ikatsika pansi pa 48 pamalowa chinthu chotchedwa LFC, chimene chimaonetsa fulemu iliyonse kawiri, 40 FPS nkukhala 80Hz, kuti musatuluke m'malirewo. LFC imafuna kuti nambala yapamwamba ikhale kawiri ya yapansi kapena kuposa. Apa ndi pomwe mamonita a 4K 60Hz ndi aja a 75Hz amagwera, malire awo amakhala ngati 40-60 kapena 48-75, LFC palibe, mukatsika pansi basi kung'ambika kapena kugwedera kwabwerera. Ndipo olo LFC ilipo, imangochotsa kung'ambika, 35 FPS imakhalabe 35 FPS m'maso ndi m'manja.

Lamulo lomwe ine ndimatsatira ndi ili, sankhani rezolushoni imene 1% Low ya gemu yanu yolemera ikukhala pamwamba pa malire apansi a FreeSync, pa masetingi amene mungakhutire nawo, kenako sankhani ma Hz poyang'ana avereji ya gemu yanu yopepuka.

Kwa mnzathu uja 4K yagwa kale, 24 FPS palibe chokambirana. 1440p ikumupatsa 1% Low ya 35 pa High, pansi pa 48. 1080p ikumupatsa 52, ili mkati. Gemu yopepuka ikudutsa 165 pa marezolushoni onse awiri, nde 165Hz ndi yoyenera, ndipo 240Hz sangaidzaze nthawi zonse poti avereji yake ndi 220 ndi 1% Low 150. Yankho lolunjika ndi 1080p 165Hz ya mainchesi 24 ya FreeSync. Gemu yolemera iziyenda pa 70 yonse ikuoneka, pomwe monita yakale imamudulira pa 60, ndipo yopepuka izidzaza monita.

Koma 1440p sinafe kotheratu ndipo ndikufuna tiikambe mwachilungamo. Asanaisiye abwereze kuyesa pa 1440p atatsitsa zinthu zodya kwambiri, mithunzi, Volumetric, Reflections, Ambient Occlusion, kuchoka pa High kupita pa Medium, ndipo ayatse FSR, imene imajambula gemu pa rezolushoni yotsika nkukuza chithunzicho, pa Quality ngati gemu ili nayo. DLSS ya Nvidia yomwe imachita zofanana iye alibe, imafuna makhadi a RTX, koma FSR ya AMD yamitundu yoyambirira ija imagwira ndi pa GTX pomwe. Pa Quality gemu imajambulidwa pa 1707x960 nkukuzidwa kufika 1440p, amenewo ndi mapikiselo pafupifupi 1.64 miliyoni, ochepa kuposa 1080p yeniyeni, kungoti kukuzako nako kumadya kanthawi kake. Akapeza kuti 1% Low yakwera kudutsa 50 ndipo chithunzi chikumusangalatsa, komanso ngati kompyutayo amagwirirapo ntchito zolemba kapena kukonza mavidiyo komwe malo ambiri pa sikirini amathandiza tsiku lililonse, kapena ali ndi pulani yeniyeni yosintha khadi posachedwa, 1440p ikhoza kukhala yanzeru, paja monita imakhalitsa kuposa khadi. Chomwe ndimakana ndi kugula 1440p chifukwa cha khadi lomwe mwina mudzagula tsiku lina losadziwika, nkukhala zaka mukusewera movutika.

Wina anena kuti ndigula 1440p, gemu ikalemera ndizingoika pa 1080p. Zimatheka koma chithunzi chimakhala chambuu, chifukwa 1440 kugawa 1080 ndi 1.33, pikiselo imodzi ya gemu siigwera pa mapikiselo athunthu a monita nde imapakidwa pakati pa oyandikana, ndipo pa mainchesi 27 zimaoneka kwambiri, makamaka pa zilembo. Bola kusiya gemu pa 1440p nkugwiritsa ntchito FSR kapena Render Scale, chifukwa zilembo ndi mamenyu zimakhalabe zakuthwa. Kukula kwa monita nako kuyendere limodzi ndi rezolushoni, 1080p pa mainchesi 24 ndi mapikiselo pafupifupi 92 pa inchi, 1440p pa 27 ndi 109, koma 1080p pa 27 ndi 82 okha ndipo mukakhala pafupi timadontho timayamba kuoneka.

Kamodzi kokha pa za Frame Generation, imene imalowetsa mafulemu opeka pakati pa enieni, kwa amene makhadi awo ali nayo. Poyeza izimitseni. Mafulemu owonjezerawo amasalalitsa chithunzi koma gemu simva mausi yanu msanga chifukwa cha iwo, nde 45 yomwe yasanduka 80 m'manja imamvekabe ngati 45 kapena kuchedwerapo pang'ono. Imakoma mukakhala kale cha pa 60, pamenepo ndi pomwe imathandiza kudzaza monita ya ma Hz ambiri.

Chingwe ndi bowo

Musanalipire onani mabowo a khadi ndi a monita yomwe. HDMI 1.4 imafika 4K pa 30Hz basi. HDMI 2.0 imanyamula 18 Gbps, yokwana 4K 60Hz kapena 1440p 144Hz. HDMI 2.1 imafika 48 Gbps ndipo ndi imene imapereka 4K 120Hz, pa Nvidia inayamba ndi RTX 30, pa AMD ndi RX 6000. DisplayPort 1.2 imakwanitsa 1440p 165Hz, DisplayPort 1.4 imafika 4K 120Hz ndipo kupitirira apo imadalira kupanikiza kwa DSC. 1660 Super ili ndi HDMI 2.0 ndi DisplayPort 1.4. Chomwe chimachitika kawirikawiri nchoti monita ya 1440p 165Hz imapereka 165 pa DisplayPort pokha, pa HDMI nkumathera pa 144, nde werengani tsamba la monitayo pomwe alemba ma Hz a bowo lililonse. Mwachidule pa kompyuta gwiritsani ntchito DisplayPort ngati ilipo. Chingwe chikakhala chofooka muona sikirini ikuthima kwa sekondi imodzi kapena ziwiri nkubwerera, kapena timadontho tothwanima, makamaka pa ma Hz apamwamba, mukatsitsa kufika 60 nkusiya. Zikatero sinthani chingwe musanaganize zobweza monita.

Ndipo lumikizani pa khadi, mabowo opingasa ali m'munsi kumbuyo kwa kesi, osati aja a pa mamabodi ali pafupi ndi ma USB. Mukalakwitsa apa mukhala mukugwiritsa ntchito girafiki ya mu purosesa kapena sikirini ingokhala yakuda.

Monita yafika, ikonzeni

Windows nthawi zambiri imaika monita yatsopano pa 60Hz ndipo sikuuzani, pali anthu amakhala miyezi akuganiza kuti 165Hz sisiyana ndi yakale. Pitani Settings, System, Display, Advanced display, pa Choose a refresh rate sankhani yapamwamba. Ngati 165 sikuoneka pa mndandanda, bwererani ku chingwe ndi bowo, kapena onani mu menyu ya monita yeniyeniyo, ena amafuna muyatse Overclock kapena musinthe mtundu wa DisplayPort kumeneko. Tsegulani testufo.com kuti muone ngati ikuwerenga nambala yomweyo. Magemu ena alinso ndi setingi yawoyawo ya ma Hz, muione.

Mu menyu ya monita yatsani FreeSync kapena Adaptive-Sync, zambiri zimabwera zili zozima. Kenako pa Nvidia pitani pa Set up G-SYNC nkuchonga, ngati monita si ya pa mndandanda wawo wovomerezeka muchongenso Enable settings for the selected display model. Pa AMD ndi pa Display pomwe paja. Muzimitsenso DSR ija, ntchito yake yatha.

Chomaliza ndi kutsekera FPS pansi pang'ono pa malire a monita, chifukwa FreeSync imasiya kugwira mukadutsa pamwamba, gemu yopepuka ija ikafika 220 pa monita ya 165 kung'ambika kumabwerera. Ikani 162 pa 165Hz, kapena 141 pa 144Hz, mu gemu momwemo ngati muli potsekera, apo ayi pa Max Frame Rate mu NVIDIA Control Panel kapena Framerate limit mu RivaTuner. Pa gemu yolemera chitani mosiyana, ngati ikudumphadumpha pakati pa 55 ndi 90 yesani kuitsekera cha pa 65 kapena 70, mzere wa Frametime ukhala wowongoka, khadi lizizirirako, ndipo pa mamonita ena makamaka a sikirini ya mtundu wa VA kuphethira kwa kuwala komwe kumabwera FPS ikamasinthasintha kwambiri kumachepa. Mukaona kuphethirako pa masikirini odikira gemu ikamalowa pokha musade nkhawa, kumeneko FPS imagwa nkukwera mwadzidzidzi, koma kukamachitika mkati mosewera nde kuti 1% Low yanu ikuwoloka malire a 48 aja kupita nkubwera, tsitsani mithunzi sitepe imodzi nkubwerezanso kanjira kanu koyezera.